Mainvoisi achuluka: mukhale pa Excel kapena mugule pulogalamu ya akaunti?

"Ndili ndi shopu ya mapepala ndi zosindikiza ku Chinamwali, ndipo ndimaperekanso katundu pangongole kumasukulu ndi malo ogona alendo kuno ku Zomba. Poyamba ndinkalemba mainvoisi 15 pamwezi mu Excel, pano afika 70. Ena amalipira pang'onopang'ono, moti sindikudziwanso bwino amene ali ndi ngongole yanga. Mwana wanga akuti ndiike apu yaulere pafoni, mnzanga akuti ndigule QuickBooks. Ndipange ziti?"

Mayi, zikomo polemba. Musagule kaye chilichonse. Mainvoisi 70 pamwezi si ambiri kwa Excel, imatha kunyamula mizere masauzande osatopa. Chimene chakusokonezani ndi malipiro obwera m'zidutswa, ndipo ndikukhulupirira kuti pafayilo yanu invoisi iliyonse ili ndi mzere umodzi wokhala ndi kabokosi kamodzi kolembamo kuti "alipira" kapena "sanalipire". Kalembedwe kameneko kamagwira ntchito kasitomala akamalipira zonse kamodzi basi.

Titenge chitsanzo. Mwapereka mapepala ndi inki kusukulu ina ya ku Domasi, invoisi ya K600,000. Patapita milungu iwiri akutumizirani K250,000 kubanki. Mwezi wotsatira abasala atumiza K200,000 pa Mpamba. Pomaliza mwalandira K132,000, ndipo iwo akuti ngongole yatha. Mukaphatikiza mupeza K582,000. K18,000 yotsalayo sanakubereni: ndi msonkho umene bungwe logula limadula polipira, 3 peresenti pa katundu, n'kukapereka ku MRA m'dzina lanu. Ndiye invoisi imodziyi ili ndi zochitika zinayi, masiku osiyana, njira zosiyana. Pamzere umodzi simungazisunge. Mumayamba kufufuta nambala yakale n'kulemba yatsopano, ndipo tsiku limene abasala adzatsutse, mudzasowa pogwira.

Kukonza kwake ndi ntchito ya madzulo amodzi. Mufayilo yomweyo tsegulani masamba awiri. Loyamba mulitche Invoisi: A nambala ya invoisi, B tsiku, C kasitomala, D ndalama zonse, E zimene alipira, F zotsala. Lachiwiri mulitche Malipiro: A tsiku, B nambala ya invoisi, C ndalama, D njira imene yabwerera, kaya banki, Airtel Money, Mpamba kapena pamanja. Ndalama iliyonse ikalowa izikhala ndi mzere wakewake patsamba lachiwirili, ndipo mzere wakale musaukhudzenso. Kenako mu E2 ndi F2 patsamba loyamba lembani izi, n'kuzikokera pansi:

```
=SUMIF(Malipiro!B:B,A2,Malipiro!C:C)
=D2-E2
```

Excel iziphatikiza yokha malipiro onse a invoisi iliyonse. K18,000 ya msonkho ija muilembenso ngati mzere pa Malipiro, koma pokhapokha akupatsani setifiketi yake, pakuti ndi imene imachepetsa msonkho wanu pakutha pa chaka. Asanakupatseni, ilekeni izioneka pa F kuti izikukumbutsani kukaitenga. Anthu ambiri amataya ndalama pamenepa, chifukwa amatseka invoisi ndi mtima wakuti "ndi zochepa", setifiketi osaifunsa.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Nambala ya invoisi izilembedwa mofanana pamasamba onse awiri, monga `INV-0147`. Mukaphonya chilembo chimodzi, ndalamayo siwerengedwa ndipo Excel siikuchenjezani. Kuti mudziwe ngati zili bwino, pakutha pa mwezi phatikizani E yonse ya pa Invoisi ndi C yonse ya pa Malipiro. Zikasiyana, pali malipiro amene nambala yake yalakwika. Mukatero yerekezani Malipiro ndi sitetimenti ya kubanki komanso mauthenga a pafoni.

Za apu yaulere, mwana wanu sakunama kuti imatulutsa invoisi yooneka bwino yotumiza pa WhatsApp nthawi yomweyo. Koma kwa inu ndikuikayikira. Zambiri zaulere zili ndi malire: Zoho Invoice, imene ndi imodzi mwa zabwino, imalola mainvoisi 500 pachaka, pamene inu pa 70 pamwezi mufika 840. Wave, imene imatamandidwa kwambiri pa intaneti, inasiya kulandira anthu atsopano akunja kwa Amereka ndi Kanada mu 2020. Ndipo apu ya mainvoisi imangoona mbali imodzi ya bizinesi. Sidziwa mapepala amene mwatenga pangongole ku Limbe, kapena ngati mwapindula mwezi uno. Ngati mukufunabe kuyesa ina, musanalowetsemo makasitomala anu onani ngati ili ndi batani la `Export` lotulutsa zonse mufayilo ya CSV kapena Excel. Ikapanda kutero isiyeni, chifukwa foni ikabedwa kapena eni ake akayamba kulipiritsa, mbiri yanu yonse ya ngongole idzatsekeredwa mmenemo.

Nthawi yosamukira ku pulogalamu yeniyeni ya akaunti imadziwika ndi zina, osati chiwerengero cha mainvoisi. Chizindikiro chachikulu ndi pamene munthu wachiwiri wayamba kulemba. Mukasiya mtsikana pashopu inu muli kotolera ngongole ku Chirunga, fayilo imodzi imasanduka ziwiri, ina palaputopu ina pafulashi, ndipo posakhalitsa makasitomala awiri amalandira invoisi ya nambala imodzi. Google Sheets, yofanana ndi Excel koma ya pa intaneti, imathetsa vuto la mafayilo awiri, koma aliyense wololedwa kulemba atha kusinthanso ndalama za invoisi yakale. China ndi pamene mukufuna kuti invoisi ikatuluka, katundu wa m'sitolo azichotsedwa yekha. Chinanso ndi kulembetsa msonkho wa VAT. Pamenepo muzipereka lipoti mwezi ndi mwezi pofika pa 25, muzisiyanitsa msonkho wa zogula ndi wa zogulitsa, ndiponso invoisi yovomerezeka izituluka kudzera mu njira ya MRA. Choncho musanalipire pulogalamu iliyonse, funsani wogulitsa ngati imagwirizana ndi njira imeneyo, ndipo akuonetseni ikugwira ntchito.

QuickBooks ya pa intaneti ndi yabwino, koma imalipiridwa mwezi uliwonse m'ndalama zakunja, ndipo mukudziwa nokha mmene kulipira pakhadi kumavutira masiku ano. Imafunanso netiweki nthawi zonse. Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi pulogalamu yotchedwa Manager, ya pakompyuta. Ndi yaulere, imagwira ntchito popanda bandulo, ndipo ndi akaunti yathunthu: mainvoisi, malisiti, ngongole za kwa ogulitsa, katundu, ndi sitetimenti ya kasitomala aliyense yoti mungosindikiza n'kukapereka kwa abasala. Malire ake ndi akuti imakhala pakompyuta imodzi. Kuti anthu angapo azilemba nthawi imodzi muyenera kulipira, ndipo kusunga kope lapadera ndi udindo wanu, choncho Lachisanu lililonse muzikopera fayiloyo pafulashi yosakhala pashopu.

Kwa panopa, ngati mukulemba nokha ndipo simunalembetse VAT, konzani masamba awiri aja ndipo muyende nawo miyezi itatu. Mukadzaganiza zosamuka, yambani pa 1 mwezi, musalowetse mbiri yonse yakale. Lowetsani mayina a makasitomala, mainvoisi okhawo amene F yake si ziro, ndi ndalama zimene zili kubanki ndi pafoni tsikulo. Mwezi woyamba lembani mbali zonse ziwiri. Ngongole yonse imene pulogalamu ikuonetsa ikafanana ndi chiphatikizo cha F, mutha kutseka fayilo ya Excel ija n'kuisunga.