Munthu ndinamupha pa pepala anali khale pa tebulo lakutsogolo

"Abale, abwana ena andipempha ndiwalembere mbiri yawo yaifupi yoti ikalowe m'kabuku ka msonkhano. Akuti ndikacheze nawo Loweruka kenako ndilembe ngati alemba okha. Ndikawafunse mafunso anji? Nanga ndikatha, ndiwaonetse kaye kapena ndingotumiza kwa okonza msonkhano?"

Asisi, musangotumiza. Chonde chonde. Ndikulemba pano mtima ukugundanso ngati tsiku lija.

Ine anandipeza ndi mayi ena a bizinesi yogula soya ndi mtedza kwa alimi, ali ndi nyumba yosungira katundu cha ku Kanengo. Amakalandira ulemu pa mwambo wa madzulo ku hotela ina ku City Centre, ndiye okonza amafuna mbiri ya mawu 200 m'Chingerezi, yoti ilowe m'kabuku komanso woyendetsa mwambo aiwerenge pa maiki. Tinagwirizana K120,000, theka poyamba, theka ntchito ikatha. Ndinakwera minibasi mpaka ku Area 25 kwawo, tinakhala pakhonde maola awiri, foni ili patebulo ikujambula mawu. Kucheza konse kunali m'Chichewa. Anandiuza mmene anayambira ndi sikelo yobwereka ndi matumba asanu ku Mitundu, mmene ankagonera pa matumba kudikira lole. Pakati pa nkhani anati, "Ndiye bambo a ana atatisiya mu 2009, ndinangoti basi, ndilimbe mtima." Anatsitsa mawu, anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Ine ndinati pepani mayi. Iwo anati zikomo. Tinapitiriza.

Inuyo mukanamva chiyani? Munthu wamkulu akati "anatisiya" uku akupukuta misozi? Ine ndinakalemba kuti mwamuna wawo atamwalira mu 2009 analera okha ana anayi uku akuyendetsa bizinesi. Chiganizo chimenecho ndinachinyadira zedi, ndi chomwe chimanyamula mbiri yonse.

Ndinatumiza pa WhatsApp pa nambala yawo Lachiwiri. Zii. Lachitatu ndinaimba, anati ali ku Mchinji kogula soya, aona madzulo. Lachinayi okonza mwambo akundiimbira kuti opulinta akudikira ine ndekha. Ndinatumizanso uthenga, ndipo panabwera kachala kaja koloza m'mwamba ndi mawu akuti "zili bho, tumizani". Ndinatumiza. Sindinadziwe kuti foni ya bizinesi imagwiridwa ndi mwana wa mchemwali wawo, mtsikana woti fayiloyo sanaitsegule n'komwe.

Tsiku la mwambo anandipatsa khadi, ndinakhala tebulo lakumbuyo pafupi ndi khomo la kukhitchini, nditavala nsapato zobwereka zondithina. Pa mbale iliyonse panali kabuku, timabuku 300. Woyendetsa mwambo anayamba kuwerenga ndi mawu ake aakulu aja, anafika pa sikelo yobwereka anthu anaomba m'manja, ine kumbuyo ndikumwetulira ndekha. Atafika pa imfa anachita kutsitsa mawu mwaulemu, anaima kaye pang'ono. Ndiye ndinaona tebulo lakutsogolo. Bambo wina wa suti yotuwa, wokhala pambali pa mayi aja, anaika foloko pansi pang'onopang'ono. Mayi wina pa tebulo lomwelo anagwira pakamwa. Wina kumbali anaphulika kuseka n'kunamizira kutsokomola. Woyendetsa mwambo, wosadziwa kanthu, anamaliza n'kunena kuti tiwaombere m'manja mayi olimba mtima, ndipo malemu akanakhala moyo akananyadira. Malemuwo anadzuka, anakonza jekete, anatuluka kudutsa pafupi penipeni ndi mpando wanga. Fungo la perefyumu yawo ndimalikumbukabe.

Kani bambo aja anapita ku Joni mu 2009, anakakhala ndi mkazi wina kumeneko zaka zingapo, anabwerako, ankhoswe anakambirana, banja linabwererana. Kutisiya kwake kunali kumeneko.

Mayi aja anandiimbira ndisanafike n'komwe kunyumba ku Kawale, ndili pa kabaza. Akuti ndawachititsa manyazi pamaso pa apongozi, akuti ndalosera imfa m'banja mwawo, akuti iwo sanaone chilichonse ndipo sanavomereze chilichonse. Ndinati mayi, uthenga uli m'foni mwanga, wachokera pa nambala yanu. Anati nambala si munthu. Theka lotsala lija sindinalione mpaka lero, ndipo anauza okonza mwambo kuti ndinapeka ndekha nkhaniyo. Chomwe chimandiwawa ndi chakuti ndinawapempha katatu kuti awerenge. Mawu 200! Munthu woti thumba likaperewera theka la kilo amaona ali patali, koma tsamba limodzi lonena za moyo wake omwe analibe mphindi ziwiri. Ndipo mtsikana uja, tikakumana m'tauni amandipatsa moni ngati palibe chinachitika. Anthu a ndalama ena amaona ngati wolemba ndi makina, ukaponya mawu mbali iyi mbali inayo kutuluke ulemu. Chabwino, nanenso ndinalakwa posafunsa, koma munthu akulira ungamufunse kuti pepani, anamwalira kapena anathawa?

Ndiye Loweruka lanulo. Musanayatse chojambulira, pemphani chilolezo chojambula, ndipo funsani kaye zinthu zouma zomwe anthu amaziona ngati zazing'ono. Dzina alembe okha papepala kapena mujambule chiphaso cha unzika, chifukwa Chimwemwe wina amafuna dzina la kwa bambo ake likhalepo limodzi ndi la mwamuna wake, wina safuna. Funsani kuti patsogolo pa dzina pakhale chiyani. Akati Dokotala, funsani mwaulemu kuti ndi udokotala wa kusukulu kapena wopatsidwa mwaulemu, chifukwa m'holo mumakhala anthu odziwa. Funsani kuti mbiriyo ikawerengedwa pa maiki kapena ikangokhala m'kabuku, mawu angati, m'chilankhulo chanji, ndipo ikhale yoti "ine ndinayamba" kapena "iwo anayamba". Mwati mulembe ngati alemba okha, koma timabuku ta misonkhano nthawi zambiri timafuna ya "iwo", ndiye funsani okonza musanalembe kawiri.

Za sukulu ndiye samalani. Munthu akati "ndinapita ku Bunda", funsani chaka, funsani pepala lomwe anatuluka nalo. Kupita ku Bunda kutha kukhala digiri ya zaka zinayi, kutha kukhalanso maphunziro a masabata awiri. Komanso maina anasintha. Amene anamaliza ku Bunda mu 2005 pepala lake ndi la University of Malawi, chifukwa LUANAR inayamba mu 2012. Wa ku Poly wakale musamulembe kuti anaphunzira ku MUBAS, dzina limenelo labwera mu 2021. Ine masiku ano ndimangoti mundijambulire satifiketi, ndikopere momwe zalembedwera.

Zaka anthu amasokoneza osati mwadala. Akati "kalekale ndithu", apatseni chogwirira: inali njala ya 2002 isanafike kapena itadutsa? Bingu anali atalowa? Mwana wanu woyamba anali sitandade chani? Mukatero chaka chimatuluka chokha. Manambala chimodzimodzi. "Ndimathandiza alimi ambirimbiri" si chiganizo cholemba. Angati chaka chathachi, ndipo zalembedwa m'buku liti? Akati 2,000 koma buku likuonetsa 600, lembani 600, kapena musalembe nambala.

Mafunso otulutsa nkhani yokoma ndi aja ofunsa tsiku limodzi, osati moyo wonse. Musati "ndiuzeni mbiri yanu", mudzamva za m'kalata yofunsira ntchito. Muziti, katundu woyamba munagulitsa kwa ndani, pa mtengo wanji? Tsiku lomwe munatsala pang'ono kusiya linali liti? Sikelo yobwereka ija inatuluka pa funso lotere. Akayamba kufotokoza musawadule, asiyeni alankhule, ngakhale akhale chete inu khalaninso chete, zabwino zimabwera pambuyo pa kachetechete. Inde ndikudziwa, kusadula komweko ndi komwe kunandigwetsa ine. Ndiye chitani chonchi: mawu aliwonse okhala ndi matanthauzo awiri muziwalemba pambali, anatisiya, anapita, tinataya mwana, ndinapuma ntchito, ndinachoka pa kampani ija, ndipo kumapeto tiyi atabwera muwabwereze mmodzimmodzi. "Paja munati bambo anakusiyani, ndilembe bwanji pamenepa?" Funso limenelo silipweteka munthu, ndipo likanandipulumutsa.

Mafunso awiri omaliza musawaiwale. Pa zonse mwandiuzazi, ndi ziti zomwe simukufuna zimveke pa maiki? Ndipo ndani amene akapanda kutchulidwa adzakwiya, ndani amene akatchulidwa padzavuta? Anthu akamacheza pakhonde amaiwala kuti akulankhula ndi holo yonse.

Kuvomereza tsopano. Kachala pa WhatsApp si chivomerezo, ndaphunzira ndi ndalama zanga. Pa tsiku locheza lomwelo funsani kuti wovomereza ndi ndani, iwo okha kapena palinso bambo kunyumba, bodi, kapena ofesi yofalitsa nkhani ya kuntchito kwawo, ndipo foni yomwe mukutumizirayo amagwira ndani. Gwirizanani kuti kukonza ndi kawiri, kopitirira apo ndi ndalama ina, apo ayi mudzakonza kasanu ndi kawiri mpaka mbiri idzasanduke mndandanda wa maudindo. Mukalemba, pitani nokha ndi mapepala awiri, muwawerengere mokweza chiganizo chimodzichimodzi. Ngati mwalemba m'Chingerezi koma munacheza m'Chichewa, chiganizo chilichonse muchibwezere m'Chichewa kuti amve zomwe mwanena m'dzina lawo. Dzina, chaka, nambala, sukulu, imfa, ukwati, zonsezo muzidule mzere kunsi, achonge chimodzichimodzi. Kenako alembe pansi ndi dzanja lawo kuti ndawerenga ndipo ndavomereza kuti isindikizidwe momwe ilili, asayine, aike deti. Pepala limodzi lawo, lina lanu. Kwa okonza tumizani PDF ya mawu omwe asayinidwawo, ndipo muwauze kuti akafuna kudula kuti ikwane pa tsamba akubwezereni muone, chifukwa nawonso amadula mosaganiza. Ndalama yotsala mulandire pa siginecha pomwepo, pa Mpamba kapena Airtel Money mukuona, osati mwambo ukatha.

Za m'banja, za matenda, za imfa, ine ndingati zisiyeni kunja, lembani za ntchito basi, mugone tulo. Ngakhale kunena zoona mbiri yopanda zimenezo imauma ngati chimanga chokazinga cha dzulo, ndipo ya mwezi watha yomwe ndalembera abusa ena ndinaikamo za kudwala kwa mayi awo, anthu anaikonda kwambiri. Abusawo anali ku Mzuzu, sindikanakwera basi chifukwa cha siginecha, ndiye ndinawawerengera pa foni, iwo n'kunditumizira voisi yonena dzina lawo, deti, ndi kuti amva zonse avomereza. Ndinaisunga malo atatu.

Abwana anuwo ali pabanja? Funsani ngati akazi awo adzakhale m'holo.