Mayeso a laisensi pakompyuta: wotchi, kambendera ndi kubwereza mayankho

"Zikomo akulu. Ndimayendetsa njinga yamoto pa Chitakale pano, ndipo ndikufuna kutenga laisensi. Malamulo a pamsewu ndawerenga, koma kompyuta sindinaigwirepo chibadwire. Anzanga akuti nthawi imatha munthu usanamalize, ena akuti pali kambendera koika pa funso lovuta. Zimayenda bwanji kwenikweni? Nanga ndikadina polakwika, ndingakonze?"
Wowerenga wa ku Mulanje

Achimwene, kukonza kumatheka ngati pulogalamuyo imalola kubwerera m'mbuyo, bola musanadine batani lotsiriza lotumiza mayankho anu. Ndipo musade nkhawa ndi kompyutayo. Simukalemba chiganizo ngakhale chimodzi. Funso limabwera pasikirini, pansi pake pali mayankho angapo, inu n'kusankha limene mukuona kuti ndi lolondola. Ngati mumatha kutumiza ndalama pafoni, dzanja lanu lazolowera kale ntchito yovuta kuposa iyi.

Mukakhala pampando, musathamangire kudina Start. Sikirini yoyamba imakhala ya malangizo, ndipo ndi pamenepo pamene mumadziwira zinthu zitatu: mafunso alipo angati, mphindi ndi zingati, komanso ngati pulogalamuyo imalola kubwerera m'mbuyo. Mapulogalamu a mayeso amasiyana, choncho zimene zalembedwa pamenepo ndi zimene woyang'anira wanena n'zofunika kuposa zimene munamva pa siteji. Onaninso kuti dzina limene likuoneka ndi lanu. Mukapeza la wina, imikani dzanja musanayambe.

Wotchi imakhala pakona, kawirikawiri kumtunda, ndipo imawerenga chobwerera m'mbuyo. Ikalemba 24:10, ndiye kuti zatsala mphindi 24 ndi masekondi 10, osati kuti mwatha zimenezo. Pa mayeso ambiri otere wotchiyo ndi imodzi ya mayeso onse, si ya funso lililonse payekha. Ikangoyamba siima. Mukamaganiza ikuyenda, mukabwerera m'mbuyo ikuyenda, ngakhale pamene mukuonanso mayankho anu kumapeto ikuyendabe. Ikafika pa 00:00 mayeso amatsekeka okha, ndipo kompyuta imachonga zimene munasankha kufikira nthawi imeneyo. Funso limene munalisiya lopanda yankho silikupatsani malikisi.

Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopangira chitsanzo, poti enieni mukawaona pa malangizo aja. Tinene kuti mafunso ndi 30 ndipo mphindi ndi 30. Musaganize kuti funso lililonse lili ndi mphindi yathunthu. Chotsani kaye mphindi 5 zoonanso mayankho, zitsale 25. Mukagawa mphindi 25 ndi mafunso 30, funso lililonse likupeza masekondi 50. Simukusowa kuyang'ana wotchi pa funso lililonse, chifukwa kutero kumangokuthamangitsani mtima. Iyang'aneni pakati basi: mukafika pa funso la 15, wotchi izikhala ikuonetsa mphindi 17 kapena kuposa. Ikaonetsa 12, dziwani kuti pali funso limene lakudyerani nthawi, ndipo muyenera kusiya kukangana ndi mafunso ovuta.

Apa ndi pamene kambendera kamagwira ntchito. Batani lake limalembedwa Flag, kwina Mark for review. Kuika kambendera kuli ngati kupinda kangodya ka tsamba m'buku kuti mudzapapeze msanga. Sikuyankha funso, sikuchotsa malikisi, sikuimitsa wotchi, ndipo kompyuta pochonga sikalabadira n'komwe. Ambiri amagwa pomwepa. Amaika kambendera, n'kupita kutsogolo asanasankhe chilichonse, poganiza kuti abwereranso. Nthawi ikawathera, mafunso onse aja amakhala opanda kanthu. Langizo langa, limene ndikufuna mulisunge kuposa ena onse, ndi ili: sankhani kaye yankho limene mukuliganizira kwambiri, kenako ikani kambendera, ndiye dinani Next. Mukadzapeza mpata mudzabwerera. Mukapanda kuupeza, yankho lilipo kale, ndipo mwina ndi lolondola.

Nayi nkhani yake m'chitsanzo chathu chija. Mwafika pa funso la 9, pali chithunzi cha raundabauti ndi magalimoto atatu, akufunsa kuti woyamba kudutsa ndani. Mukukumbukira kuti kuno timayenda kumanzere ndipo pa raundabauti timapatsa mpata wochokera kumanja, koma chithunzicho chakusokonezani. Masekondi 50 atha. Sankhani galimoto imene ili kale mkati mwa raundabautiyo, ikani kambendera, pitirirani. Funso la 10 ndi chikwangwani chofiira cha mbali zisanu ndi zitatu. Chimenecho mukuchidziwa, n'choti muime. Mwayankha m'masekondi 10, ndipo 40 otsalawo abweza ena mwa amene anapita pa raundabauti paja. Mafunso osavuta ndi amene amalipirira ovuta, koma amatero pokhapokha ngati mwawafikira.

Musachulutsenso timbendera. Mafunso anayi kapena asanu pa 30 mungawabwereze bwinobwino m'mphindi 5. Mukaika pa mafunso 15, kambenderako sikakuuzaninso kanthu. Muziika pokhapokha pamene mwatsala ndi mayankho awiri amene akukukokani, kapena pamene chithunzi chikufuna kuchiyang'ananso modekha.

Mukamaliza funso lotsiriza, dinani Review ngati batanilo lilipo. Pamabwera ndandanda wa mafunso onse, ndipo umaonetsa oyankhidwa, osayankhidwa ndi a kambendera. Yambani ndi osayankhidwa, amene nthawi zambiri amalembedwa Incomplete kapena Unanswered. Musadabwe kupezamo funso limene mukukumbukira kuti munayankha. Zimachitika munthu akadina pambali pa kabwalo kosankhira, kapena funso likafuna mayankho awiri iye n'kupereka limodzi. N'chifukwa chake ndi bwino kuonetsetsa kuti kabwaloko kadetsedwa musanachoke pa funso. Mukathana nawo amenewo, pitani kwa a kambendera. Kusintha yankho n'kosavuta: pa funso lofuna yankho limodzi, mukadina lina, loyamba lija limazima lokha.

Koma sinthani pokhapokha muli ndi chifukwa chimene mungachitchule. Mwina mwawerenganso n'kuona kuti funso likufunsa chimene simuyenera kuchita, inu munayankha chimene muyenera kuchita. Mwina mwaona kuti chikwangwani chija ndi cha makona atatu chochenjeza, osati chozungulira choletsa. Zimenezo ndi zifukwa. Koma ngati palibe chatsopano chimene mwaona, mtima wokha ukugunda, lisiyeni yankholo mmene lilili. Ndipo musasuzumire kwa mnzanu wapambali. Kupatula kuti n'kuphwanya lamulo la mayeso, kompyuta imatenga mafunso m'nkhokwe yaikulu n'kuwasakaniza, moti funso lake la 9 likhoza kusiyana ndi lanu.

Mukapeza kuti pulogalamuyo ilibe Flag koma ili ndi Previous, sungani manambala a mafunso okayikitsa m'mutu, awiri kapena atatu, n'kubwerera ndi batanilo. Ikakhala yosalola kubwerera m'mbuyo, musasunge mphindi 5 zija. Zigaweni pa mafunso onse, ndipo werengani funso lililonse kawiri musanadine Next.

Kompyuta ikauma, kapena magetsi akazima, musadinedine mabatani ndipo musaizimitse nokha. Imikani dzanja, muuzeni woyang'anira nambala ya funso limene munali ndi mphindi zimene zinatsala.

Batani lotsiriza limalembedwa Submit, Finish kapena End test, ndipo kawirikawiri limafunsanso ngati mwatsimikiza. Mukavomera, palibenso kubwerera, ngakhale wotchi itakhala kuti yatsala ndi mphindi 10. Kumaliza msanga kulibe malikisi oonjezera. Musanavomere, onani kuti osayankhidwa ali pa 0. Timbendera totsala musavutike kutichotsa, mayankho ake amachongedwa ngati ena onse.