Thumba la ufa likapelewera, wolakwa ndi tchati kapena oditi?

"Zikomo akulu, ndine wophunzira kuno ku Lusaka. Pa phunziro la kwalite, mtengo wa konifomansi ndi wa nonikonifomansi ndimaisokoneza. Nanga kontirolo tchati ndi oditi si zimodzi?"

Mng'ono wanga, tiyerekeze chigayo cha ku Chinika chimene chimalongedza ufa m'matumba a makilogalamu 25. Ndalama zimene mwini chigayo amalipira kuti thumba lituluke bwino, monga zophunzitsa antchito, zosamalira makina ndi zoyeza matumba, ndizo mtengo wa konifomansi. Zimene amataya zinthu zitalakwika kale, monga kumasula thumba n'kulisokanso, kapena kutumiza lole ku msika wa Soweto kukatenga ufa umene ogulitsa aukana, ndizo mtengo wa nonikonifomansi. Ambiri amagwa apa pa mayeso: kuyeza thumba kuli kumbali yoyamba ngakhale mutalipeza lopelewera, koma kulikonza kuli kumbali yachiwiri. Choncho tchati ndi oditi zonse zili ku konifomansi. Zimasiyana pa chimene zimayang'ana.

Tchati, chimene Walter Shewhart anayambitsa mu 1924, chimayang'ana makina akugwira ntchito. Ola lililonse mumayeza matumba 5, n'kulemba avereji yake ngati kadontho pa tchati, komanso kusiyana kwa lolemera kwambiri ndi lopepuka kwambiri. Tinene kuti mutasonkhanitsa magulu 25, avereji ya onse ndi 25.10 ndipo avereji ya kusiyanako ndi 0.20. Pa gulu la zinthu 5, nambala yochulukitsira yotchedwa A2, imene imatengedwa m'tebulo, ndi 0.577. Ndi iyo timapeza malire apamwamba, UCL, ndi apansi, LCL, amene amajambulidwa ngati mizere pa tchati.

```
UCL = 25.10 + 0.577 × 0.20 = 25.215
LCL = 25.10 − 0.577 × 0.20 = 24.985
```

Ola lina avereji ikafika 24.95, imitsani makina mufufuze, mwina pakamwa potulukira ufa pamatirira. Koma 25.05 musaikhudze. Kumeneko ndi kugwedezeka kwa masiku onse, ndipo amene amapotoza makina pa kadontho kalikonse amangowonjezera kusiyana. Dziwaninso kuti malire awa amachokera ku makinawo, si lonjezo lolembedwa pathumba ayi.

Tsopano bwanji ngati sikelo yoyezerayo yakhala ikunamiza, kuwonjezera magalamu 300 kuyambira tsiku loyamba? Madontho onse akhala bwinobwino pakati pa mizere, pamene thumba lenileni likulemera 24.80. Tchati sichingaone zimenezi, chifukwa chimakhulupirira nambala imene chapatsidwa.

Apa ndi pamene woodita amalowera. Iye sabwera ola lililonse, mwina kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo sayenera kuodita ntchito ya manja ake. Amafunsa kuti sikelo inatsimikizidwa liti, chikalata chake chili kuti, nanga tsiku lija dontho linadumpha mzere munachitapo chiyani. Amayerekeza zimene wapeza ndi ndondomeko ya kampani kapena ndi ISO 9001, muyezo wa padziko lonse wa kayendetsedwe ka kwalite. Kufooka kwake ndi kuchedwa, pakuti akamatulukira za sikeloyo, ufa wa miyezi ingapo wadyedwa kale.

Poyankha mayeso, malipiro a woodita muwaike ku konifomansi, koma ndalama zobwezera ogula matumba opelewerawo ku nonikonifomansi ya kunja, popeza cholakwacho chinatuluka pageti.