Sipuredishiti izikuuzani yokha chomwe chatsala pang'ono, chasowa, kapena sichinabwezedwe

"Moni. Ine ndine mayi woyang'anira chipinda chosungiramo zida pamalo athu a ntchito. Anthu amabwereka nyundo, masipanala, makwerero ndi zina, ndipo zonse ndimazilemba mu Excel. Mizere yachuluka, maso amatopa. Kodi pali njira yoti mzere uzisintha mtundu wokha chida chikatsala pang'ono, chikasowa, kapena wobwereka akapyola tsiku lobweza? Ndinayesa Conditional Formatting koma mizere yopanda kanthu ndiyo inafiira."

Zikomo mayi. Njira ilipo, ndipo munali mutafika kale pakhomo pake. Chomwe chinakupunthwitsani ndi chakuti Excel ikamayerekeza manambala, kabokosi kopanda kanthu imakatenga ngati ziro. Mukaiuza kuti ifiiritse chilichonse chochepera 4, malo opanda kanthu nawo amalowa m'gulumo. Malamulo okonzeratu aja, monga Less Than, amapaka mtundu kabokosi komwe akukayang'ana kokha, osati mzere wonse. N'chifukwa chake ine ndimati lembani fomula yanu. Si yovuta, ndipo mukaimvetsa kamodzi, mafunso atatu onsewa muwayankha ndi luso limodzi lomwelo.

Tisanafike pa mitundu, tiyambe ndi kakonzedwe ka tebulo, chifukwa lamulo silingaone chomwe simunalembe. Khalani ndi masamba awiri m'fayilo imodzi. Tsamba loyamba litchuleni Zida: kolamu A dzina la chida, B chiwerengero cha zonse zomwe muli nazo m'kaundula, C zomwe mwawerenga pa shelefu, D zomwe zili kunja ndi obwereka, E malire omwe simufuna kuti zitsike kupyola pamenepo. Tsamba lachiwiri litchuleni Zobwereka: A dzina la chida, B wobwereka, C tsiku lotenga, D tsiku loyenera kubweza, E tsiku lomwe chabweradi. Pa tsamba lachiwirili mzere umodzi uziimira chida chimodzi. Munthu akatenga nyundo ziwiri, mulembe mizere iwiri. Pa masamba onse awiri mzere woyamba ndi wa mitu, zolemba ziyambire pa mzere wachiwiri.

Malire aja akhale ndi kolamu yawoyawo, musawalembe m'kati mwa fomula. Makwerero awiri otsala angakhale okwanira, pomwe masipanala awiri ndi ochepa kwambiri. Chida chilichonse chili ndi malire ake, ndipo mukafuna kuwasintha mungosintha nambala mu E osakhudza lamulo.

Tsopano lamulo loyamba, la zotsala pang'ono. Pa tsamba la Zida sankhani kuyambira A2 mpaka E200, poyambira pa A2 penipeni. Pitani pa Home, dinani Conditional Formatting, kenako New Rule, ndipo musankhe Use a formula to determine which cells to format. Lembani izi:

```
=AND(ISNUMBER($C2),$C2<=$E2)
```

Dinani Format, pitani pa Fill, sankhani mtundu wachikasu. Fomulayi ikufunsa mafunso awiri, ndipo mtundu ubwera pokhapokha onse ayankhidwa kuti inde: kodi mu C muli nambala, ndipo kodi nambalayo ndi yofanana kapena yochepera malire a mu E? Funso loyambalo ndilo mankhwala a vuto lanu. Mzere wopanda kanthu ulibe nambala mu C, ndiye umakhala woyera monga unalili.

Apa ndikhalapo pang'ono, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amasokonekera. Fomulayi mwailembera mzere wachiwiri wokha, koma Excel imaitenga n'kuyenda nayo kabokosi kalikonse ka m'dera lomwe munasankha, n'kumasuntha maadiresi momwe ikuyendera. Chizindikiro cha $ chimaletsa kusunthako. Chikakhala patsogolo pa chilembo, monga $C2, kolamu imakhazikika pa C koma nambala ya mzere imatsika momasuka: pa mzere wachitatu ikhala C3, pa wachinayi C4. Izi ndi zomwe tikufuna. Mukachotsa $, kabokosi ka A2 kayerekeza C ndi E bwinobwino, koma B2 kayerekeza D ndi F, ndipo mtundu utuluka mawangamawanga, apa ulipo apa palibe, mu mzere umodzi womwewo. Mukaika $ kawiri, monga $C$2, mizere yonse imvera mzere wachiwiri: tebulo lonse lipakika kapena lonse likhala loyera. Ndipo samalani, chifukwa mukadina kabokosi ndi mausi polemba lamulo, Excel imaika $ kawiri yokha. Dinani F4 mpaka patsale $ wa kutsogolo kwa chilembo yekha, kapena ingolembani adiresiyo pamanja.

Palinso chizindikiro china chosavuta kuchizindikira. Mukaona mtundu ukugwera pa mzere wa pamwamba pa chida cholakwacho, dziwani kuti munasankha kuyambira mzere wa mitu pomwe fomula ikuyambira pa 2. Nambala ya mzere m'fomula izifanana ndi mzere woyamba wa dera losankhidwa. Mungakonze izi pa Manage Rules, m'bokosi la Applies to.

Zosowa ndiye zimafuna kuganiza. Chida chikakhala kuti palibe pa shelefu sikuti chasowa, mwina chili ndi munthu. Chosowa ndi chomwe sichili pa shelefu komanso sichikuoneka m'kaundula wa obwereka. Choncho kolamu D musamailembe pamanja. Iziwerengera yokha kuchokera ku tsamba lachiwiri. Mu D2 lembani fomula iyi n'kuikokera pansi:

```
=COUNTIFS(Zobwereka!$A:$A,$A2,Zobwereka!$E:$E,"")
```

Ikuwerenga mizere yomwe ili ndi dzina la chidacho koma tsiku lobwera silinalembedwe. Mukatero, lamulo lachiwiri pa dera lomwelija, ndi mtundu wofiira, likhale ili:

```
=AND(ISNUMBER($C2),$C2+$D2<$B2)
```

Tiyeni tione ndi nyundo. M'kaundula muli nyundo 10, malire ake ndi 4. Mwawerenga pa shelefu mwapeza 3, ndipo tsamba la obwereka likuti 5 zili kunja. Kuphatikiza 3 ndi 5 tipeza 8, kutanthauza kuti nyundo ziwiri sizikudziwika komwe zili. Mzerewu wakwaniritsa malamulo onse awiri: 3 ndi yochepera 4, komanso 8 ndi yochepera 10. Kabokosi sikangakhale kachikasu ndi kofiira nthawi imodzi, ndiye lamulo lomwe lili pamwamba pa mndandanda ndilo limapambana. Tsegulani Manage Rules muonetsetse kuti la zosowa lili pamwamba, ngati ayi likwezeni ndi kamuvi kali pamenepo. Ine ndimaika zosowa patsogolo chifukwa zotsala pang'ono zimadzaza zokha anthu akabweza, koma chosowa chimavuta kuchipeza masiku akamapita, anthu ataiwala yemwe anachigwira komaliza.

Mzere ukafiira musathamangire kuganizira anthu zoipa. Nthawi zambiri vuto limakhala kalembedwe ka dzina. COUNTIFS silabadira zilembo zazikulu kapena zazing'ono, koma mpata umodzi wotsalira kumapeto kwa mawu, umene maso sangauone, umachititsa kuti nyundo yolembedwa choncho isawerengedwe. Zikatero D itsika ndi imodzi, ndipo mzere ufiira pomwe chida chili m'manja mwa munthu wodziwika. Njira yabwino ndi kusalemba dzina pamanja pa tsamba la obwereka: sankhani kolamu A, pitani pa Data, dinani Data Validation, musankhe List, n'kulozera ku mayina a pa tsamba la Zida. Mukatero dzina muzingolisankha pa mndandanda.

Lachitatu ndi la ochedwa kubweza. Pa tsamba la Zobwereka sankhani A2 mpaka E500, ndipo lamulo likhale ili:

```
=AND(ISNUMBER($D2),$D2<TODAY(),$E2="")
```

TODAY() imatenga tsiku pa kompyuta yanu ndipo imadzikonza mukatsegula fayilo, choncho mzere womwe dzulo unali woyera mungaupeze wafiira m'mawa popanda wina kuukhudza. Ngati lero ndi pa 15 Meyi, makwerero oyenera kubwera pa 12 Meyi afiira, ndipo mukangolemba tsiku mu E mtunduwo uchoka. Oyenera kubwera lero lomwe safiira mpaka mawa. Ndikuona kuti ndi chilungamo chimenecho, popeza tsiku silinathe, koma mukafuna kuti azioneka lero lomwe sinthani < ikhale <=.

Vuto loopsa pano si mzere wofiira molakwika, koma womwe ukanafiira n'kukhala chete. Excel imasunga tsiku ngati nambala: 1 Januwale 1900 ndi 1, ndipo 1 Januwale 2025 ndi 45658. Kuyerekeza masiku kumatheka chifukwa cha zimenezi. Koma wina akalemba tsiku m'njira yomwe kompyutayo siidziwa, mwachitsanzo 25/03/2025 pa kompyuta yozolowera kuyamba ndi mwezi, Excel imalisunga ngati mawu wamba, popeza kulibe mwezi wa 25. Tsiku lotere silidzafiira ngakhale papite chaka. Muziyang'ana mbali yomwe latsamira: ngati simunasinthe kaimidwe ka zolemba, tsiku lenileni limatsamira kumanja kwa kabokosi, mawu amatsamira kumanzere. Koma poti maso ndiwo tikufuna kuwapumitsa, onjezani lamulo la mtundu wotuwa logwira mizere yotere:

```
=AND($A2<>"",NOT(ISNUMBER($D2)))
```

Limeneli ligwiranso mzere womwe mwaiwala kulembamo tsiku lobweza. Pa tsamba la Zida chitaninso chimodzimodzi posintha $D2 kukhala $C2, kuti chida chomwe simunachiwerenge, kapena chomwe wina walemba mawu m'malo mwa nambala, chionekere. Tsiku longa 05/03/2025 ndiye lamuloli silingakuthandizeni, chifukwa kompyuta ilandira ndithu, kaya ngati 5 Malichi kaya ngati 3 Meyi. Sinthani kaonekedwe ka makolamu a masiku kuti mwezi uzituluka m'mawu, muziona pomwepo chomwe yamva.

Ngati Excel ikukana fomula, mwina kompyuta yanu imalekanitsa zigawo ndi ; m'malo mwa koma wamba. Ngati yalandira koma palibe chikusintha, tsegulani lamulolo muone ngati fomula yazunguliridwa ndi zizindikiro za " ", zomwe zimachitika mukaiwala = koyambirira. Ogwiritsa ntchito Google Sheets apite pa Format, Conditional formatting, asankhe Custom formula is. Mafomula ndi omwewa.

Chotsala ndi chizolowezi chokopera mizere. Mukakopera n'kumata mwachisawawa, malamulo nawo amatengedwa, ndipo pakapita miyezi mupeza Manage Rules itadzaza ndi tizidutswa ta lamulo limodzi, kalikonse ndi kadera kake, mizere ina itatsala panja. Pomata gwiritsani ntchito Paste Special n'kusankha Values. Zikakhala zaphwanyika kale, fufutani tizidutswato, musiye lamulo limodzi, n'kulemba dera lonse mu Applies to. Mukamayandikira mzere wa 500 pa tsamba la obwereka, kumbukirani kukulitsa deralo, chifukwa mzere wa 501 lamulo siliufikira.