Chithunzi cha bambo chosweka pakati

"Abale, ndili ndi chithunzi chimodzi chokha cha malemu bambo, chopanda mitundu chija. Chili ndi mng'alu pakati komanso banga lofiirira paphewa. Ndachichita sikani. Ndingachikonze bwanji nkhope yawo isasinthe?"

Achemwali, musachipereke kwa anyamata a m'mashopu osindikiza zithunzi m'tauni muja musanawerenge izi, chonde. Mtima wanga ukuwawabe mpaka lero. Ife tinali ndi cha agogo aakazi, mayi awo a bambo, chojambulitsa mu situdiyo ku Mbare, mumzinda wa Harare, atangofika kuchokera ku Dedza kutsatira amuna awo. Chinapindika mu sutikesi, mng'alu unadutsa pa duku n'kutsikira pachifuwa, ndipo pakona panali banga la madzi. Nkhope inali bwinobwino, panalibe choikonza. Timafuna kuchikuza kuti chiikidwe patebulo tsiku lovundukula chiliza. Mnyamata wa pashopu ina anati mawa lomwe chikhala chatha, ndalama analandiriratu.

Tsikulo anthu adzaza pabwalo ku Mufakose, ku Harare komweko, ena achokera ku mapulazi, ena mpaka kumudzi. Tavundukula felemu ija, azakhali anayang'ana nthawi yaitali osalankhula, kenaka anati, "Awa si amayi anga. Mphini zawo zili kuti?" Agogo anali ndi mphini m'masaya ndi pachipumi, timizere tating'ono tomwe aliyense ankawadziwira. Zonse zinapita. Khungu linasalala ngati la chidole cha m'sitolo, makwinya a m'maso kulibe, ngakhale maluwa a pansalu yawo anasungunuka. Azakhali analira kulira kwina, kosiyana ndi kwa chiliza, ndipo felemu inachotsedwa patebulo anthu asanadye n'komwe. Nditabwerera kukamufunsa, munthuyo akuti, "Ndimayesa ndi zokalika, ndakuyeretserani." Kuyeretsa! Mphini za mayi wa munthu! Ndinapempha sikani yoyamba ija, akuti anasevera pamwamba pake, palibenso. Ndipo choyambiriracho anachimata pulasitiki yamoto ija osandifunsa, poti ati chisang'ambikenso. Pulasitiki imeneyo simatuka popanda kuwononga chithunzi. Ulesi ndi mwano basi, ndipo sanapepese.

Chimene anachita ndinadzachimvetsa nditayamba kuphunzira ndekha. Mu Photoshop muli fyuluta yotchedwa Dust & Scratches. Ukaiyendetsa pachithunzi chonse, siisiyanitsa mng'alu ndi nsidze kapena mphini, imafufuta kalikonse kowonda. N'chifukwa chake lamulo ndi limodzi: kukonza kuchitike pomwe pawonongeka pokha, ndipo kuchitikire pa leya ina, yomwe ili ngati pepala loonekera loyalidwa pamwamba, chithunzi chenicheni chili pansi osakhudzidwa.

Yambani mwaona sikani yanuyo. Ngati ndi JPEG yomwe munatumiziridwa pa WhatsApp, bwererani mukachitenso, chifukwa WhatsApp imafinya zithunzi zikapanda kutumizidwa ngati Document. Auzeni ochita sikaniwo aike 600 dpi, aseve ngati TIFF, ndipo azimitse zonse zokonza zokha za sikana. Chithunzi cha masentimita 9 kwa 14 chizituluka mapikiselo pafupifupi 2100 kwa 3300. Chitani sikani ya mitundu ngakhale chithunzicho chilibe mitundu, muona chifukwa chake pa banga paja. Fayiloyo isungeni pa fulashi, muzigwirira ntchito pa kope.

Pulogalamu ya GIMP ndi yaulere ndipo ikukwanira. Tsegulani kope lija, pangani leya yatsopano yopanda kanthu pamwamba, kulitsani chithunzi mpaka 200%. Sankhani chida cha Heal, chongani pomwe palembedwa Sample merged kuti chizitha kuona chithunzi cha pansi. Burashi ikhale yokulirapo pang'ono chabe kuposa mng'alu: mng'alu ukakhala mapikiselo 6 m'lifupi, burashi ya 10 yakwana. Gwirani Ctrl n'kudina pamalo abwino oyandikana ndi mng'alu, pomwe kuwala kukufanana, kenaka dinani pang'onopang'ono pamng'alupo. Musakoke mzere umodzi wautali. Muzisintha potengera pafupipafupi, apo ayi kadontho kamodzi kamabwerezeka mumzere ndipo diso limaona msanga kuti apa panagwiridwa.

Heal imachita bwino pamalo ofanana, monga khoma la kumbuyo kapena pakati pa jekete. Koma mng'alu ukafika pomwe jekete lakuda likukumana ndi kolala yoyera, imasakaniza ziwirizo n'kusiya chibanga chotuwa. Pamenepo sinthani mutenge Clone, yomwe imakopera ndendende, ndipo nayonso muichongere Sample merged. Tengerani pa mzere weniweni wa kolalayo, chapamwamba pang'ono, n'kuupitiriza kudutsa mng'alu kuti mzerewo usathyoke. Onetsetsaninso timchenga ta chithunzi, tija timaoneka mukachikulitsa. Pomwe mwakonza pakasalala kuposa pozungulira, burashi yakula kwambiri kapena mwabwerezapo kambirimbiri. Fufutani pa leya yanuyo muyambirenso, cha pansi sichinavulale.

Banga lapaphewalo musalipake Clone, chifukwa pansi pake nsalu ya jekete ikadalipo, yangodetsedwa. Apa ndi pomwe sikani ya mitundu imathandiza, chifukwa imakhala ndi zigawo zitatu zotchedwa machanelo: yofiira, yobiriwira ndi ya buluu. Banga lachikasu kapena lofiirira limada kwambiri mu chanelo ya buluu, koma mu yofiira limazilala, nthawi zina kutsala pang'ono kusowa. Pangani kope la leya ya pansi, pitani ku Colors > Components > Extract Component musankhe RGB Red. Pa leya imeneyo ikani Layer Mask yakuda, yomwe imabisa leya yonse, ndiye ndi burashi yofewa yoyera pakani pa masiki pomwe pali banga pokha. Chigambacho chikawala kuposa pozungulira, dinani pa leyayo, osati pa masiki, n'kuchitsitsa ndi Curves mpaka malire asowe. Ngati chithunzi chonse chinachita chikasu ndi ukalamba, chigambacho chioneka chotuwa, ndiye chipatseni mtundu wotengedwa pambali pake pa leya ina yatsopano yomwe Mode yake ndi LCh Color. Banga la inki yakuda izi sizigwira, chifukwa lada m'machanelo onse atatu.

Mukamaliza dzitsimikizireni. Dinani Layer > New from Visible, zimitsani maleya okonzera aja kuti zitsale ziwiri, yatsopanoyi ndi yoyambirira, ndipo yapamwambayo muiike pa Mode ya Difference. Paliponse pomwe sipanasinthe pamada bii. Muyenera kuona kamzere ka mng'alu ndi chigamba chapaphewa basi. Nkhope ikaoneka ngakhale mwachizimezime, china chake chakhudza chithunzi chonse. Ngakhale wina atakukonzerani, muuzeni akuonetseni zimenezi musanalipire, akakana nyamukani.

Komabe ndinene zoona, ngati mng'aluwo wadutsa padiso kapena pamlomo pa bambo, musalimbane nawo nokha, pezani munthu wodziwa. Alipo ena a m'mashopu momwemo amene dzanja lawo ndi labwino. Kungoti khalani pambali pake, pitani ndi wamkulu amene ankawadziwa bambo, ndipo choyambiriracho chisagone kumeneko. Ndipo pomwe pepala linachokeratu, diso palibe, ine ndimati kuli bwino kachipsera katsale kusiyana n'kuti munthu apeke diso lomwe bambo analibe. Tumizani sikaniyo mugulu muno ngati Document, ndione pomwe mng'alu wadutsa.