Notisi ya miyezi itatu sigulidwa ndi malipiro a mwezi umodzi

"Kontrakiti yanga imati notisi ndi miyezi itatu. Andiuza kuti ndisabwerenso mawa, ndipo andipatsa malipiro a mwezi umodzi, ati ndi zimene lamulo limanena. Ndisaine?"

Kalata yanuyi yandiwiritsa magazi, chifukwa mawu oti "lamulo limanena" anandiuzaponso. Tsikulo anandiitana chakumadzulo, envelopu ili kale patebulo, cholembera achitsegula kale, ndipo bwanayo ankayang'ana wotchi osati ine. Ndinapempha kuti ndikawerenge kunyumba, nkhope yawo inagwa. Usiku umenewo ndinafukula kontrakiti pansi pa masatifiketi, ndipo ndime ya notisi inali mizere iwiri basi.

Chimene bwanayo sananene n'chakuti notisi ya m'malamulo ndi poyambira chabe. Ngati lamulo likuti mwezi umodzi koma inu munasainirana miyezi itatu, imene imagwira ntchito ndi yaitaliyo. Ndalama yolowa m'malo mwa notisi ndi mtengo wa nthawi imene mukanagwirabe ntchito, ndiye siingachepe kuposa nthawiyo. Mukanagwirako mwezi umodzi, akanakulipirani iwiri yotsalayo. Inu simugwirako tsiku, choncho ndi itatu yonse.

Ndipo ine ndafika pokhulupirira kuti mabwana ambiri sachita izi mwangozi. Munthu mmodzimodziyo, inu mutasiya ntchito mwadzidzidzi, angawerengetsere miyezi itatuyo mpaka tsiku lomaliza kuti akuduleni. Kontrakiti amaikumbukira ikamakomera iwo. Ena amaphatikiza ndalama ya notisi, ya masiku a tchuthi osatengedwa ndi yachipepeso kukhala chiwerengero chimodzi chonenepa, kuti maso achite chidwi. Izi ndi ngongole zosiyana, iliyonse iyenera kukhala pamzere wake.

Tsiku lomaliza

Apa ndi pamene ine ndikanapwetekera. Akakulipirani m'malo mwa notisi, nthawi zambiri ntchito imatha tsiku lomwelo. Izi n'zosiyana ndi kukuuzani kuti mukhale kunyumba notisi ikuyenda, pamene mumakhalabe wantchito, penshoni ikuponyedwa, inshuwalansi yachipatala ikugwirabe. Ine ndinatsala ndi milungu isanu ndi umodzi kuti ndikwanitse zaka zisanu, ndiye kulemba tsikulo kukhala lomaliza kukanandichotsera chaka chathunthu powerengera zaka zimene ndagwira. Envelopu siinena zimenezo.

Inu musasaine kaye. Werengani ndime ya notisi m'kontrakiti yanu muone ngati ikuwalola mabwana anu kulipira m'malo mwa notisi, komanso ngati ikuti malipiro a pamwezi okha kapena pamodzi ndi alawansi. Ikakhala chete pa zimenezo, funani zonse zimene mukanalandira m'miyezi itatuyo. Alembereni kalata kuti afotokoze mzere ndi mzere, atchule ndi tsiku limene ntchito ikutha. Akakhala kuti akukuchotsani pa mlandu waukulu, notisi imatha kugwa yonse, koma pamenepo ayenera kulemba mlanduwo.