Ngongole za beti zandipanikiza: ndiwauze bwanji kwathu?

"Ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa Boma pano ku Mchinji. Ndinaluza ndalama zambiri pa beti ya mpira, ndiye ndinakatenga katapila kwa anthu awiri kuti ndibweze zimene ndinaluzazo. Panopa malipiro akangolowa amathera kwa iwo. Kwathu sakudziwa kanthu. Kodi nditenge ngongole ina yaikulu nditseke zonsezi mwakachetechete, kapena ndiulule?"

Achimwene, ululani, ndipo muulule zonse pa tsiku limodzi. Ngongole ina yachinsinsi ayi. Ndikufotokozerani za mnyamata wina wa muofesi ngati inu, wochokera cha ku Mkanda, chifukwa masamu a nkhani yake ndi amene angakuthandizeni.

Iyeyu amalandira K280,000 akachotsa msonkho, lendi yake K60,000. Mwezi wina anadyedwa ndalama ya lendi ndi ya chakudya pa Loweruka limodzi. Lolemba lake anapita kwa bambo wina wa katapila amene anzake a kuntchito amamudziwa, natenga K100,000 pa mgwirizano woti pakutha pa mwezi abweze K150,000. Bamboyo anasunga khadi lake la kubanki pamodzi ndi nambala yachinsinsi, monga amachitira ambiri a katapila. Mwezi utatha K150,000 sinapezeke, choncho anagwirizana kuti azingopereka chiwongoladzanja cha K50,000, K100,000 ija izikhalabe. Akatapila ambiri amakonda zimenezi, chifukwa munthu wolephera kutseka ngongole koma osaphonya chiwongoladzanja ndiye amawapindulira kwambiri.

Apa mpamene mutu unayamba kumunamiza kuti tikiti imodzi yabwino ithetsa zonse. Anatenganso K150,000 kwa mayi wina, pa mlingo womwewo, n'kuyamba kumanga matikiti a magemu khumikhumi kuti awine yochuluka. Pang'ono ndipatuke, chifukwa achinyamata ambiri sanawerengepo izi. Pa beti ya mbali ziwiri zokha za mwayi wofanana, kampani ikapereka 1.90 mbali iliyonse, ndiye kuti pa K100 iliyonse yobetchedwa anthu onse pamodzi amabwezeredwa K95. K5 yotsalayo ndi ya kampani. Mukaphatikiza magemu khumi otere pa tikiti imodzi, kadulidwe kameneka kamachitika kakhumi, ndipo pa K100 pamabwerera pafupifupi K60 yokha. Tikiti yaitali imene imaoneka ngati chipulumutso ndi imene imadula kwambiri. Munthu wobetcha ndi ndalama ya katapila ndiye akuluza kawiri, kukampani ndi kwa womukongoza.

Pofika mwezi wachinayi, K125,000 imachoka mwezi uliwonse pa chiwongoladzanja chokha, ngongole osasuntha. Lendi inatsalira miyezi iwiri. Mnzake wa kuntchito anali atamubwereka K60,000. Ndiye mayi ake anamutumizira K200,000 ya mtedza umene anagulitsa, kuti awasungire ya feteleza. Nayonso inapita.

Mvula itayandikira, mayi ake aja anayamba kufunsa za ndalama yawo. Mnyamatayo anaimbira achemwali ake aakulu n'kuwauza kuti ndalama ya amayi waigwiritsa ntchito pa vuto lina, koma za beti ndi za katapila sanatchule. Achemwaliwo anamutumizira K80,000 pa foni kuti ayambirepo kubweza. Ndalamayo sinagone. Ina anapereka kwa mayi wa katapila amene amamuopseza kuti abwera kuofesi, yotsalayo anaibetcha. Kuulula theka n'koipa kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa abale amathandiza pa vuto limene auzidwa, pamene ngongole yobisikayo ikumeza thandizolo. Tsiku limene choonadi chituluka amakhala atatopa kale, ndipo sakhulupiriranso chiwerengero chilichonse chimene mungatchule.

Ulendo wachiwiri anachita bwino. Analemba papepala dzina la aliyense amene ali naye ngongole, ndalama imene anatenga, imene wapereka kale ndi tsiku lolipira. Zonse pamodzi zinakwana K630,000: katapila K250,000, amayi K200,000, lendi K120,000, mnzake K60,000. Anatenganso sitetimenti ya kubanki ndi mauthenga a pa foni oonetsa ndalama zimene zimapita ku beti. Sanayambire kwa amayi. Anapita kwa amalume ake, pamodzi ndi achemwali aja, poti kwa ife Achewa nkhani zolemera za mbumba zimafikira kwa amalume. Mawu ake anali ochepa: "Amalume, ndalakwa. Ndakhala ndikutchova juga, ndipo ngongole zanga zonse ndi izi." Anakalipiridwa, inde, ndipo amayi atamva analira. Koma pepala lija linachititsa kuti mkwiyo utatsika akambirane manambala.

Chimene banjali linachita mwanzeru n'chakuti silinamupatse ndalama m'manja. Amalume anagulitsa soya, achemwali anatapa ku banki m'khonde kwawo, n'kupeza K250,000. Kenako amalumewo anapita naye okha kwa okongoza aja. Bambo woyamba anali atalandira kale K200,000 pa ngongole ya K100,000, ndipo atauzidwa kuti alandire K100,000 yake lero nkhani ithe, anavomera. Mayi wa katapila uja anavuta pang'ono, komabe analandira K150,000 yake. Aliyense anasaina kuti ngongole yatha, pamaso pa mboni, khadi linabwezedwa, ndipo tsiku lomwelo mnyamatayo anasintha nambala yachinsinsi. Munthu wamkulu akakhalapo zokambirana zimasintha, chifukwa chida chachikulu cha wakatapila n'kuopseza kuti akuyalutsani, ndipo mukaulula nokha chidacho chafooka. Dziwaninso kuti lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso mgwirizano wa ngongole ngati chiwongoladzanja chake chili chopyola muyezo. Wina akamakakamira kapena kuopseza kulanda katundu, funsani ku Legal Aid Bureau.

Zotsalazo anazigawa pa miyezi isanu ndi umodzi: K75,000 pa mwezi kubanja, yobweza K250,000 ija ndi ya amayi, K20,000 yoonjezera pa lendi atapepesa kwa alandilodi, ndi K10,000 kwa mnzake. Pamodzi ndi K105,000, yochepa kuposa K125,000 imene inkangopita pa chiwongoladzanja, ndipo iyi ili ndi tsiku lothera. Amayi chaka chimenecho anathira feteleza wochepa. Zimenezo ndalama sinakonze.

Tsono za ngongole yaikulu imene mukuiganizira. Pa masamu okha, ngongole ya ku SACCO kapena yodula pa malipiro ndi yotchipa kuposa katapila, sindikana. Vuto ndi loti ikalowa mu akaunti yanu wina aliyense asakudziwa, foni ili m'manja, magemu a Loweruka akubwera, mbali ina mudzaibetcha. Mukatero mudzatsala ndi katapila yemweyo, kuphatikizapo ngongole yodula pa malipiro kwa chaka kapena kuposa. Ngati abale alibe chogulitsa ndipo ngongole yotereyi ndiyo njira yokhayo, itengedwe iwo akudziwa, ikhale yokwana katapila yekha, ndipo tsiku lolandira mupite ndi m'bale wanu molunjika kwa okongozawo.

Mnyamata uja anavomeranso kuti kwa miyezi imeneyo khadi lizikhala ndi achemwali ake, iwo azilipira lendi ndi ngongole malipiro akangolowa, iye azilandira ya chakudya sabata ndi sabata. Anapempha makampani a beti kuti atseke maakaunti ake, anatuluka m'magulu a pa WhatsApp ogawana magemu, ndipo mu Airtel Money ndi Mpamba samasungamo yoposa yogulira mayunitsi. Inunso musanapite kwa amalume anu, ganizirani m'bale amene mungamupatse khadi lanu, kuti mukatchule dzina lake nokha iwo asanafunse. Ndipo ngati pa ndalama zimene munagwira pali ya kuofesi, ngakhale yochepa, imeneyo ilembeni pamwamba pa pepala ndipo ibwezedwe isanafike ya katapila, chifukwa imeneyo ingakuchotsetseni ntchito n'kukufikitsani kupolisi.